Masamu a Penti: Kuyeza Khoma, Kuchotsera Zitseko ndi Mazenera

Kuchuluka kwa penti wofunika m'chipinda kumadalira zinthu zitatu: kukula kwa khoma loti lipakidwe, maulendo amene khomalo lipakidwe, ndi malo amene lita imodzi ya pentiyo imakwanira. Choyambacho chimapezeka ndi tepi yoyezera. Chachiwiri chimadalira mmene khoma lilili ndi mtundu umene mwini nyumba wasankha. Chachitatu chimalembedwa pa chitini, ngakhale kuti khoma lenilenilo silimvera zolembedwazo nthawi zonse. Manambala atatuwa akadziwika, masamu otsala ndi ochepa: kukula kwa khoma kumachulukitsidwa ndi maulendo opaka, kenako yankho limagawidwa ndi malo amene lita imodzi imakwanira.

Anthu ambiri amagula penti mongoponya maso, kapena mwa kufunsa wopenta kuti chipinda chimodzi chimadya zitini zingati. Koma zipinda zimasiyana. China ndi chachitali, china chili ndi zenera lotenga theka la khoma, china pulasitala wake ndi watsopano ndipo amamwa penti wambiri. Penti akathera pakati pa khoma, ntchito imaima, wopenta amangokhala, ndipo chitini chodzagulidwa pambuyo pake chikhoza kusiyana pang'ono mtundu ndi choyamba. Akachuluka kwambiri, ndalama zimagona m'chitini chomwe chidzaumira kuseri kwa chitseko.

Kuyeza khoma

Kukula kwa khoma kumawerengedwa m'masikweya mita. Sikweya mita imodzi ndi malo a ngodya zinayi otalika mita imodzi mbali iliyonse. Khoma lotalika mamita 5, lomwe msinkhu wake kuchokera pansi kufika pa siling'i ndi mamita 2.7, kukula kwake ndi 5 kuchulukitsa ndi 2.7, kutanthauza masikweya mita 13.5.

Munthu akhoza kuwerengera khoma lililonse palokha n'kudzaphatikiza pamapeto, koma pali njira yachidule. Makoma anayi a chipinda ali ngati mphasa imodzi yaitali yomwe yaimiritsidwa n'kupindidwa m'makona anayi. Itati iyalidwe, utali wake ukhala mtunda wozungulira chipinda chonse, ndipo mulifupi mwake mukhala msinkhu wa khoma. Choncho mbali zonse zinayi zimaphatikizidwa kaye, kenako n'kuchulukitsa kamodzi kokha ndi msinkhu.

Chitsanzo chomwe chitsatidwe mpaka kumapeto ndi cha pabalaza pa nyumba wamba ya njerwa zootcha. Mulitali mwake ndi mamita 5, mulifupi mamita 4.2, msinkhu mamita 2.7. Mtunda wozungulira ndi 5 + 4.2 + 5 + 4.2, womwe ndi mamita 18.4. Kuchulukitsa ndi 2.7 kumapereka masikweya mita 49.68, kapena tingoti 49.7. Uku ndi kukula kwa makoma onse ngati kuti palibe khomo ngakhale zenera.

Poyeza, tepi imayalidwa pansi m'mphepete mwa khoma, kuchokera pakona kufika pakona ina, ndipo ntchitoyi imayenda bwino anthu akakhala awiri. Msinkhu ndi bwino kuuyeza malo awiri kapena atatu, chifukwa nyumba zambiri pansi pake kapena siling'i yake si zofanana ndendende. Pakapezeka kusiyana, nambala yaikuluyo ndiyo yotenga. M'nyumba yopanda siling'i, khoma limayezedwa mpaka pamene penti adzalekezere, komwe nthawi zambiri ndi kumalata. Chipinda chokhota, chokhala ndi kachipupa kotuluka kapena kamalo kolowa mkati, sichivuta: tepi imangotsatira khoma mmene lakhotera, ndipo zidutswa zonse zimalowa mu mtunda wozungulira uja.

Zolakwika zambiri zimachitikira pa tepi pomwepo. Matepi ambiri ali ndi masentimita mbali ina ndi mainchi mbali inayo, ndipo amisiri ena anazolowera mafiti. Muyeso wonse uyenera kukhala wa mtundu umodzi. Masentimita 420 alembedwe 4.2, masentimita 90 alembedwe 0.9. Ngati zonse zayezedwa m'mafiti, yankho limatuluka m'masikweya fiti, ndipo limagawidwa ndi 10.76 kuti lisanduke masikweya mita. Cholakwika china chofala ndi kutenga kukula kwa pansi n'kukuyesa kukula kwa makoma. Pansi pa balaza lija ndi masikweya mita 21 basi, pomwe makoma ake akupitirira kuwirikiza kawiri nambala imeneyi.

Kuchotsera zitseko ndi mazenera

Pamalo a chitseko ndi zenera sipapita penti wa khoma, choncho malowa amachotsedwa. Choyezedwa si chitseko chokhacho, koma mpata wonse pamodzi ndi felemu yake. Chitseko chozolowereka m'nyumba zambiri za kum'mwera kwa Africa ndi cha mamilimita 813 mulifupi ndi 2032 msinkhu, koma pamodzi ndi felemu mpata wake umafika pafupifupi mamita 0.9 ndi 2.1. Khomo limodzi ndiye kuti limatenga masikweya mita 1.89. Mazenera alibe muyeso umodzi, makamaka masiku ano pamene ambiri amawotcheretsa mafelemu kwa amisiri malinga ndi kukonda kwawo, ndiye lililonse limayezedwa palokha.

Balaza la m'chitsanzoli lili ndi makomo awiri, lotulukira kukhonde ndi lolowera kuzipinda. Onse pamodzi ndi masikweya mita 3.78. Lili ndi zenera lalikulu la mamita 2 ndi 1.2, lomwe ndi masikweya mita 2.4, ndi lina la mamita 1.5 ndi 1.2, lomwe ndi 1.8. Zonse zochotsera ndi 3.78 + 2.4 + 1.8, zomwe ndi 7.98. Zikachotsedwa pa 49.68, patsala masikweya mita 41.7.

Pali kamalo kena komwe ambiri amakaiwala. Zenera silikhala mofanana ndi nkhope ya khoma. Felemu imakhala mkati pang'ono, ndipo khoma limapindikira mkati kukakumana nayo, m'mbali zonse ziwiri ndi pamwamba. Timalo topindikati timapakidwanso penti. Ngati felemu yalowa masentimita 10, zenera lalikulu lija lili ndi mzere wa mamita 4.4, kuphatikiza pamwamba ndi mbali ziwiri, womwe ndi masikweya mita 0.44. Laling'onolo lili ndi 0.39. Onse awiri akubweza pafupifupi 0.8, ndipo khoma loti lipakidwe likukhala masikweya mita 42.5. Pa nyumba ya makoma okhuthala, monga nyumba zakale zomangidwa ndi mizere iwiri ya njerwa kapena kuposa, timaloti timakula ndithu ndipo sitiyenera kunyalanyazidwa.

Ichi ndiye chifukwa chake mipata ing'onoing'ono sichotsedwa. Kazenera ka kubafa, mabowo olowetsa mpweya pamwamba pa zenera, pamalo a switchi ya magetsi, zonsezi zimangosiyidwa mu nambala yaikulu ija. Penti amene akanapita pamalopo amathera m'mbali mwake, ndipo burashi yodula m'mphepete imamwa penti wambiri kuposa rola yoyenda pakhoma poyera. Malire amene ambiri amatsata ndi akuti mpata wosafika theka la sikweya mita suwerengedwa. Koma kabati yomangidwira kukhoma, matailosi a kukhitchini kapena kubafa, ndi mpata waukulu wopanda chitseko wolumikiza balaza ndi chipinda chodyera, zimenezi zimachotsedwa ngati makomo.

Khoma lapakati pa zipinda ziwiri lili ndi nkhope ziwiri, ndipo khomo lake limachotsedwa mbali zonse. Kuyeza chipinda chilichonse pachokha, munthu ali mkati mwake, kumathetsa vutoli lisanayambe. Woyeza kuchokera pa pulani ya nyumba ndiye amene kawirikawiri amawerenga khoma lapakati kamodzi kokha.

Ena amati kuchotsera n'kutaya nthawi, ndi bwino kungosiya makomo ndi mazenera kuti akhale penti wapadera. M'chipinda chogona cha khomo limodzi ndi zenera limodzi, maganizowa alibe vuto lalikulu. Koma pabalaza pano zochotserazo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a khoma lonse, ndipo m'kalasi ya sukulu, m'tchalitchi kapena m'sitolo ya magalasi aakulu zimaposa pamenepa. Kutsogoloku kuoneka kuti gawo limeneli ndi lokwanira kusintha chiwerengero cha zitini zogula.

Malo amene lita imodzi imakwanira

Wopanga penti aliyense amalemba pa chitini masikweya mita amene lita imodzi imakwanira. Penti wa madzi wopaka m'nyumba kawirikawiri amalembedwa pakati pa 8 ndi 12. Nambala imeneyi ndi ya ulendo umodzi wokha, womwe openta amautcha koti imodzi, ndiponso ndi ya khoma losalala, louma, lomwe silikumwa. Wowerenga mothamanga amaiwala kuti makoti ndi awiri, n'kugula theka la penti wofunika.

Nambalayi ili ndi tanthauzo looneka. Lita imodzi ikayalidwa pa masikweya mita 10, penti wamuwisi pakhomapo amakhuthala gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, pafupifupi ngati pepala lolembapo. Madzi akauluka, chotsala ndi chopyapyala kuposa theka la pamenepo. Kachikopa kochepa chonchi ndi komwe kamabisa mtundu wakale ndi kupirira nsanza yopukutira. Ndiye chifukwa chake koti imodzi siikwanira, ndiponso chifukwa chake khoma lokhakhala limadya penti wambiri: timaenje ndi timatumphu take timawonjezera malo omwe tepi siiwaona.

Tiyerekeze kuti balaza lija linapakidwapo kale penti wa madzi wooneka ngati mkaka, pulasitala wake ndi wosalala, ndipo mwini wake akufuna mtundu wofanana nawo. Pa chitini palembedwa kuti lita imodzi imakwanira masikweya mita 8 mpaka 10. Pa khoma lotere nambala yapakati, 9, ndi yoyenera. Makoti awiri ndiye kuti 42.5 kuchulukitsa ndi 2, masikweya mita 85. Kugawa ndi 9 kumapereka malita 9.4. Zitini ziwiri za malita 5 zikwanira, n'kutsala kopitirira pang'ono theka la lita.

Akanapanda kuchotsera makomo ndi mazenera, masamu akanapereka malita 11, ndipo mwini nyumba akanagula chitini chachitatu cha malita 5 chomwe mwina sichikanatsegulidwa n'komwe. Kusiyana kwake ndi malita 1.6 okha, koma kwagwera pamalire a chitini, ndipo pamenepo ndi pamene kuchotsera kumapulumutsa ndalama.

Komabe nambala yomwe imasuntha yankho kwambiri si ya makomo ayi, ndi yogawira ija. Masikweya mita 85 omwewa, khoma likalola 10 pa lita, afuna malita 8.5. Likalola 8, afuna 10.6, ndipo zitini ziwiri zaperewera. Likatsika kufika pa 6, afuna malita 14.2. Munthu akhoza kuyeza zenera mpaka sentimita yomaliza, koma akalakwitsa kuweruza khoma lake, aperewedwa chitini chathunthu. Kuyeza kumafuna tepi, pomwe kusankha nambala yogawira kumafuna kuliyang'ana khomalo ndi kulikhudza.

Pamwamba pa yankho pamawonjezedwa gawo limodzi mwa magawo khumi. Penti wina amatsalira mu rola, wina m'thireyi, wina amadontha, ndipo wina ndi wodzakonzera pomwe pakandika pobwezera mipando. Pa malita 9.4 chowonjezerachi chikufikitsa pa 10.3. Wopenta wosamala atha kumaliza ndi zitini ziwiri zija, koma wofuna kusunga wokonzera m'tsogolo awonjezere kachitini ka lita imodzi, ngati mtunduwo umapezeka m'tizitini totero.

Mmene khoma limasinthira masamu

Pulasitala watsopano ndiye amamwa kwambiri. Penti wa madzi akapakidwa mwachindunji, khoma limakoka madzi ake msanga, rola imauma ikangoyenda pang'ono, ndipo koti yoyamba imatha kudya penti woposa amene analembedwa pa chitini ndi theka kapena kupitirira. Njira yoyenera ndi kuyamba ndi pulaima wa pulasitala, penti wapansi amene ntchito yake ndi kutseka timabowo ta khoma ndi kuteteza penti wapamwamba ku ukali wa simenti. Pulaima amawerengedwa payekha, koti imodzi, ndi nambala ya pa chitini chake. Ngati palembedwa masikweya mita 7 pa lita, balaza lija lifuna malita 6.1. Pambuyo pake makoti awiri a pamwamba amatsata masamu aja a 9 pa lita. Wosiya pulaima pofuna kusunga ndalama amangodyetsa khoma penti wokwera mtengo, ndipo nthawi zambiri amadzapaka koti yachitatu.

Pulasitala watsopanoyo ayenera kuuma kaye, ndipo nthawi yomwe imatchulidwa kawirikawiri ndi milungu inayi, yochulukirapo m'nyengo ya dzinja. Kuyesa kwake n'kosavuta. Kapepala ka pulasitiki kamamatidwa pakhoma ndi selotepi mbali zonse zinayi n'kusiyidwa usiku wonse. M'mawa kukapezeka timadontho kuseri kwake, kapena pulasitala pamalopo atada, khoma likadali ndi chinyezi. Penti wopakidwa pakhoma lotere amatupa matuza n'kusendeka, ndipo masamu onse aja amapita pachabe.

Khoma lomwe linkapakidwa laimu lili ndi vuto lina. Munthu akalisisita ndi chikhatho, dzanja limayera mbuu. Penti wopakidwa pamwamba pa fumbi limeneli amagwira fumbilo m'malo mogwira khoma, ndipo amadzakanganuka zikambazikamba. Laimu amapalidwa, khoma n'kutsukidwa, kenako pamapita pulaima wogwiritsa. Powerengera, khoma lotere limatengedwa ngati latsopano. Pamene pamatidwa ming'alu pamamwanso mosiyana ndi pozungulira pake, ndipo ngati sipanapakidwe pulaima pamaoneka zigamba ngakhale patapita makoti awiri.

Mtundu nawo umasintha chiwerengero cha makoti. Kuchoka pa mtundu woyera kupita pa wakuda pang'ono, makoti awiri amakwana. Kuchoka pa wobiriwira kwambiri kapena wa buluu kupita pa woyera, pamafunika atatu, kapena andakoti yoyera pansi ndi awiri pamwamba. Penti wofiira ndi wachikasu wowala sabisa bwino zapansi, ndipo naye amafuna koti yowonjezera. Pabalaza paja makoti atatu ndi masikweya mita 127.5, omwe pa 9 ndi malita 14.2, zitini zitatu.

Apa m'pamene pamabwera chizolowezi chothira madzi ochuluka kuti penti atalike. Ndowa ya malita 20 ikathiridwa malita 10 a madzi, zamadzimadzi zimakhaladi malita 30, koma zinthu zotsalira pakhoma zikauma sizinachuluke ngakhale pang'ono. Penti wotereyu amayenderera, amadontha pa rola, ndipo akauma mtundu wakale umasuzumira. Wopenta amabwereza kachitatu ndi kachinayi, nthawi n'kutayika, pomwe penti amene wathera pakhoma ndi yemwe uja akanathera m'makoti awiri abwino. Muyeso wa madzi wololedwa umalembedwa pa chitini, ndipo kawirikawiri ndi wochepa, wa koti yoyamba makamaka. Nambala ya masikweya mita pa lita imanena za penti wa m'chitini, osati wosungunulidwa.

Kuyesa pa khoma limodzi

Pokayikira, khoma lokha likhoza kupereka nambala yake ntchito isanapite patali. Pasankhidwa khoma lopanda khomo kapena zenera, lomwe kukula kwake kukudziwika. Pabalaza paja tiyerekeze kuti khoma limodzi lalifupi ndi lotero: mamita 4.2 ndi 2.7, masikweya mita 11.3. Malita awiri amayezedwa ndi jagi kapena botolo lodziwika muyeso n'kuthiridwa m'chidebe china, ndipo wopenta amapaka khomalo koti yoyamba mmene amapakira masiku onse. Akamaliza, wotsalayo amayezedwa. Ngati patsala theka la lita, ndiye kuti khoma ladya lita imodzi ndi theka, ndipo 11.3 kugawa ndi 1.5 ndi pafupifupi 7.5.

Nambala imeneyi ikuuza mwini nyumba kuti koti yoyamba ya chipinda chonse idya malita 5.7, osati 4.7 monga masamu a 9 ananenera. Koti yachiwiri imadya pang'ono poyerekeza ndi yoyamba, popeza khoma limakhala litatsekeka. Ikayenda pa 9, idya malita 4.7, ndipo zonse pamodzi ndi 10.4. Zitini ziwiri ziperewera pang'ono, ndipo nkhaniyi yadziwika m'mawa wa tsiku loyamba, sitolo ikadali ndi penti wa gulu lomwelo, m'malo modziwika madzulo a tsiku lachiwiri khoma lomaliza lili theka. Pa khoma loyambali rola youma imamwako penti wake, choncho nambala yopezekayo imatsika pang'ono kuposa yeniyeni, koma kulakwa kotsamira mbali imeneyi sikuvulaza.

Kuyesaku kumaululanso dzanja la wopenta. Rola ya ubweya wautali imanyamula ndi kusiya penti wambiri kuposa ya ubweya waufupi, ndipo ndi yoyenera khoma lokhakhala. Ikagwiritsidwa ntchito pa khoma losalala, penti amatha msanga popanda phindu. Koma ngati lita imodzi yafalikira pa masikweya mita 15 pomwe chitini chikunena 10, si mwayi ayi. Pentiyo wapyapyala kwambiri, mwina chifukwa cha madzi kapena kukanikiza rola mpaka kuuma, ndipo makoti awiri sabisa.

Siling'i, zitseko ndi kunja kwa nyumba

Chilichonse chopakidwa penti wosiyana chimakhala ndi masamu akeake. Siling'i ndi yofanana kukula ndi pansi: 5 kuchulukitsa ndi 4.2, masikweya mita 21. Makoti awiri ndi 42, ndipo pa 9 ndi malita 4.7, chitini chimodzi cha penti woyera. Mabolodi atsopano a siling'i amamwa, ndipo amafuna koti yapansi monga pulasitala watsopano.

Zitseko zomwe zinachotsedwa pakhoma zimabwerera pa mndandanda wa penti wa mafuta kapena vanishi. Nkhope imodzi ya chitseko ndi masikweya mita 1.65, ziwiri ndi 3.3, ndipo pamodzi ndi m'mphepete ndi felemu zimafika pafupifupi 4. Zitseko ziwiri, makoti awiri, ndi masikweya mita 16. Ngati chitini chalemba 11 pa lita, pafunika lita imodzi ndi theka. Mafelemu a mazenera ndi mabagala ndi ovuta kuyeza chitsulo chimodzichimodzi, ndipo njira yachidule ndi kutenga kukula kwa zenera lonse ngati malo opaka. Nambalayo imaposa chitsulo chenichenicho, koma pa zitsulo zopyapyala penti wambiri amadontha ndi kutsalira mu burashi.

M'masukulu, m'zipatala ndi m'makhitchini, khoma limagawidwa pawiri: m'munsi penti wa mafuta wotheka kutsuka, m'mwamba penti wa madzi. Pamenepa zochotsera nazo zimagawidwa. Mzere ukakhala pa mamita 1.2 pabalaza paja, m'munsi mwake mumawerengedwa pochotsa mulifupi mwa makomo awiri, mamita 1.8, pa mtunda wozungulira. Patsala mamita 16.6, omwe kuchulukitsa ndi 1.2 ndi masikweya mita 19.9. Mazenera akayambira pa mamita 0.9 kuchokera pansi, ndiye kuti alowa m'gawo la m'munsi ndi masentimita 30, ndipo mulifupi mwawo onse awiri ndi mamita 3.5, choncho pachokanso pafupifupi sikweya mita imodzi. M'munsi ndi 18.9, ndipo m'mwamba ndi zotsala pa 41.7, zomwe ndi 22.8.

Kunja kwa nyumba njira ndi yomweyi, koma miyeso imatengedwa kunja komweko, popeza kukhuthala kwa makoma kumawonjezera mtunda wozungulira. Chatsopano ndi gebulo, khoma losongoka la kumapeto kwa denga. Kukula kwake ndi theka la mulifupi mwa nyumba kuchulukitsa ndi msinkhu wa nsongayo kuchokera pamene makoma ena alekezera. Nyumba ya mamita 7 mulifupi, nsonga yake itakwera mamita 1.6, gebulo imodzi ndi masikweya mita 5.6, ndipo ziwiri ndi 11.2, zomwe n'zofanana ndi khoma lathunthu la chipinda. Mzere wa m'munsi mwa nyumba, womwe ambiri amaupaka wakuda kapena wofiirira kuti matope a mvula asaonekere, umawerengedwa paokha. Pulasitala wowaza wa timiyalamiyala, wofala pa makoma a kunja ndi mipanda, amatha kudya penti wowirikiza kawiri poyerekeza ndi khoma losalala, ndipo pamenepa kuyesa pa khoma limodzi n'kofunika kwambiri kuposa pena paliponse.

Pogula

Zipinda zopakidwa mtundu umodzi zimaphatikizidwa kaye malita ake, ndipo kukweza nambala kuti ikwane chitini kumachitika kamodzi kokha pamapeto. Zipinda zitatu zofuna malita 6.2 chilichonse, zikawerengedwa pachokhapachokha zimaoneka ngati zikufuna zitini ziwiriziwiri, malita 30. Zikaphatikizidwa ndi malita 18.6, ndowa imodzi ya malita 20, ngakhale kuti chotsala chokonzera ndi chochepa. Ndowa yotere, pa 9 pa lita ndi makoti awiri, imakwanira masikweya mita 90 a khoma, ndipo lita yake kawirikawiri imatsika mtengo poyerekeza ndi ya m'zitini zing'onozing'ono.

Pogula ndi bwino kuwerenga malita olembedwa pa chitini, osangodalira mawu akuti galoni. Galoni ya ku Britain ndi malita 4.55, ya ku America ndi malita 3.79, ndipo zitini za m'masitolo zina ndi za malita 4, zina za 5. Balaza lofuna malita 9.4 likwanira ndi ziwiri za malita 5, koma ndi ziwiri za malita 4 liperewera pafupifupi lita imodzi ndi theka.

Penti wa mtundu umodzi agulidwe tsiku limodzi, ndipo ngati pa zitini pali nambala ya gulu lomwe anapangidwira, ikhale yofanana. Penti wosakanizidwa mtundu ndi makina pa sitolo ndiye amasiyana kwambiri akagulidwa masiku osiyana. Zitini zonse za chipinda chimodzi zimathiridwa m'ndowa imodzi n'kutakasidwa bwino ntchito isanayambe, kuti kusiyana kulikonse kusungunuke. Zikavuta kuti penti waperewerabe, wopenta asalekezere pakati pa khoma. Amalizire pakona, ndipo chitini chatsopanocho chiyambire pa khoma lotsatira, pomwe kuwala kumagwa mosiyana kale ndipo diso silizindikira kusiyanako.